Dzanja la agogo ndi themomita ya mdzukulu, alondole ndani mu nkhani yanga?

*Anesi, ndikulemba nkhani yaifupi. Kamwana ka zaka zitatu kadwala kumudzi, agogo akungokagwira ndi dzanja nkunena kuti thupi latentha, pomwe mdzukulu wawo wamkazi wa Fomu 3 akukhulupirira themomita ya batire imene amayi ake anatumiza kuchokera ku Joni. Ndakakamira pa mathero. Kuchipatala kwanuko amalondola ndi ndani? Sindikufuna achipatala akawerenga andiseke.*

Achimwene, mukapambanitsa mmodzi ndiye tikusekanidi. Ndagwira ntchito ku wodi ya ana zaka zambiri ndipo awiriwa ndawaona akulondola, ndawaonanso akuphonya, koma aliyense amaphonya mwa njira yakeyake, nde nkhani yanu ikoma mukadziwa kuti dzanja limanama pati ndipo kachipangizoko kamanama pati.

Ndiyambe ndi chinthu chimene ambiri sadziwa. Buku la malangizo limene timatsata poona ana osakwana zaka zisanu, lochokera ku bungwe loona zaumoyo padziko lonse, silinena kuti mwana watentha thupi pokhapokha themomita itavomera ayi. Limati tiwerenge kuti mwana ali ndi vutoli ngati womusamalira wanena kuti thupi lakhala likutentha, kapena ngati ifeyo tamugwira nkumva kutentha, kapena ngati themomita ya mkhwapa yaonetsa 37.5 kupita mmwamba. Chimodzi mwa zitatuzi ndi chokwanira. Ndiye agogo anuwo akafika pa benchi nkunena kuti dzulo usiku mwanayu anali moto, ife themomita nkuonetsa 36.8, mwanayo timamubayabe chala kuyeza malungo. Mawu a agogo ali m'buku lomwelo limene muli nambala ya mdzukulu. Mukalemba nesi akuuza agogo kuti pitani kwanu makina akuti mwana ali bwino, mwalemba nesi waulesi, amene alipodi sindikukana, koma dziwani kuti mwalemba munthu wolakwitsa ntchito.

Tsopano dzanja. Dzanja siliyeza madigiri, limangomva kusiyana pakati pa khungu lake ndi khungu la chimene lagwira. Agogo akachokera kotsuka mbale ndi madzi a pa mjigo mmawa wa Juni, mwana aliyense amene amugwire amveka wotentha, olo akhale wabwinobwino. Akachokera pa moto kumene amavundula nsima, mwana wa 38.5 akhoza kumveka ngati palibe kanthu. Mwana amene wangotsika kumbuyo mu Okutobala, atamangidwa mu chitenje kuchokera ku chigayo, khungu lake limakhala lotentha chifukwa cha thupi la womubereka ndi dzuwa, mumusiye pa mthunzi mphindi 15 kapena 20 mupeza wazizira yekha. Agogo odziwa ntchito yawo zimenezi amazidziwa ngakhale sangazifotokoze, nchifukwa chake sagwira ndi chikhatho chokhakhala ndi khasu chija, amatembenuza dzanja nkugwira ndi kuseri kwake, ndipo sagwira malo amodzi, amayamba pachipumi, kenako mkhosi, kenako amalowetsa dzanja mkati mwa malaya pamimba. Ena amagunditsa tsaya lawo pa tsaya la mwana. Ena amadzigwira okha pachipumi kaye kapena kugwira mwana wina amene ali pafupi kuti afananize. Mukalemba agogo anu akuchita zimenezi, owerenga amene analeredwa ndi agogo awazindikira pompo.

Anthu anafufuzapo kale za dzanjali, pafupi pompa ku Zambia, zotsatira zake zinatuluka mu 1998. Amayi ankagwira ana awo nkunena ngati atentha, kenako ana aja nkuyezedwa ndi themomita. Pa ana 100 alionse amene analidi otentha, amayi anazindikira 94. Koma pa ana 100 amene sanali otentha, amayi analondola pa 44 okha, ena onsewo anati atentha pomwe ayi. Tiyeni tiziike pa benchi ya chipatala kuti zimveke. Tinene kuti pabwera ana 100, otenthadi ndi 30. Dzanja ligwira 28 mwa iwowa, liphonya awiri basi. Koma mwa 70 otsala aja dzanja lomwelo linena kuti pafupifupi 39 atenthanso. Ndiye agogo akati mwanayu sanatenthe, nthawi zambiri amakhala akunena zoona. Akati watentha, pamenepo pafunika kutsimikiza. Dzanja limalakwira ku mbali yochenjeza, ndipo kwa ine amene ndaona ana akufika mochedwa, kulakwa kumeneko ndi kwabwino kuposa kwinako.

Themomita nayo ndi yolondola kwambiri pa chinthu chimodzi chokha, kutentha kwa malo amene kansonga kake kagunda, pa mphindi imeneyo. Zina zonse zili mmanja mwa woigwiritsa ntchito, ndipo mtsikana wa Fomu 3 amene sanaphunzitsidwepo ali ndi mipata yambiri yolakwitsira. Kansonga ka chitsulo kaja kamayenera kulowa pakatikati pa khwapa, kugunda khungu osati malaya, mkhwapamo mutapukutidwa thukuta, mkono utapanikizidwa ku nthiti mpaka kalire. Mwana wa zaka zitatu sakhala phee, amapotokola, kansonga nkutulukira kumbuyo kwa khwapa kumene kakuyeza mpweya wa mnyumba, kenako kalira nkuonetsa 36.2 ndipo mtsikana uja akuti mwaona agogo. Mkhwapa monyowa ndi thukuta mumatsitsa nambala. Ndipo olo muchite zonse bwino, mkhwapa mumaonetsa nambala yotsikirapo ndi pafupifupi theka la digiri poyerekeza ndi kutentha kwa mkati mwa thupi, nchifukwa chake malire athu a mkhwapa ali pa 37.5 pomwe mabuku ena mumaona alemba 38.

Pali timisampha tiwiri ta pa sikirini timene ndingakonde mutagwiritsa ntchito kamodzi mwa ito chifukwa timachitikadi. Mathemomita ambiri ang'onoang'onowa ukangoyatsa amayamba aonetsa nambala ya ulendo watha, kenako nkulemba `Lo`. Munthu wothamanga amawerenga nambala yakale ija nkuyesa yatsopano. Ndipo `Lo` ameneyo ambiri amati batire yatha, pomwe akungotanthauza kuti kansonga kakadali kozizira kupitirira pamene kachipangizoka kamayambira kuwerenga, pafupifupi madigiri 32, ndiye kuti kali tcheru kudikira mukaike. Kamsampha kenako ndi kakalata kakang'ono ka pambali pa nambala, `°C` kapena `°F`. Ena mwa mathemomitawa ukakanikiza batani nthawi yaitali amasintha kawerengedwe, nde munthu amangoona 100.4 mtima nkugunda kuti mwana akuwira, pomwe 100.4 ya `°F` ndi 38 ya `°C` basi, ndipo 98.6 ndi 37. Mayi wina anabwera nayo kwa ine akulira nkhani yomweyi. Za themomita yonga mfuti ya pachipumi imene tinaizolowera pa zipata za tchalitchi ndi mashopu mu 2020 musaiphatikize, imeneyo ndi ina, imasokonezeka ndi dzuwa ndi mphepo, koma agogo anu akhoza kuitchula ponyoza, kuti zija ankatiloza nazo pa geti zija zinapezapo ndani.

Koma chimene chimapusitsa themomita kwambiri si batire kapena khwapa, ndi nthawi. Thupi la mwana wa malungo silitentha mofanana tsiku lonse. Limakwera, limatsika, nkukweranso. Pamene likukwera mwana amamva kuzizira, amanjenjemera, mitsempha ya pakhungu imafinyika ndiye manja ndi mapazi zimazizira pomwe mkati muli moto. Likafika pamwamba khungu lonse limatentha nkuuma. Likamatsika mpamene thukuta limatuluka, mwana nkuzizira nkugona tulo. Malungo amene tili nawo kwambiri kuno masiku oyamba satsata ndandanda yooneka bwino ngati ya mmabuku ija, amangobwera nthawi imene afuna. Onjezerani panado, amene amayamba kugwira ntchito pakadutsa theka la ola kapena ola limodzi nkubisa kutentha kwa maola anayi mpaka asanu ndi limodzi. Themomita imaona mphindi imodzi ya ulendo wonsewu. Agogo akhala ndi mwanayo kuyambira mmawa.

Nde mmene ndikanaiyalira ine, mutenge zimene zikukomereni. Ndi Febuluwale, mvula ili mkati, udzudzu uli ponseponse, tinene mudzi wa cha ku Nkhotakota kapena Salima. Kamwanako kakulemera makilo 12. Cha mma 3 koloko masana kasiya anzake akusewera nkubwera kudzagona pa mphasa pafupi ndi agogo, chimanga chootcha chimene kamalirira tsiku lililonse kangochigwira osadya. Agogo akagwira mkhosi, amva, amasula mfundo ya pa chitenje pamene amasungapo panado wa pa okala, aswa piritsi pa zidutswa zinayi nkukamwetsa chidutswa chimodzi. Muyezo umenewo suli kutali, piritsi la akulu ndi mamiligalamu 500, chidutswa cha chinayi ndi 125, ndipo mwana timamupatsa 10 mpaka 15 pa kilo iliyonse. Sauza munthu, chifukwa kwa iwo si nkhani youza munthu. Mtsikana uja afika kuchokera ku sukulu cha mma 5, amva kuti mng'ono wake sali bwino, atulutsa themomita mu kabokosi kake, ayeza bwinobwino osalakwitsa chilichonse, 37.1. Apa onse awiri akunena zoona. Mwana anatenthadi, ndipo panopa sanatenthe. Chimene chili pakati pawo ndi kachidutswa ka panado kamene mmodzi sakudziwa ndipo winayo sakuona chifukwa chokatchulira.

Ine ndemwe ndinagwapo mu dzenje limeneli nditangoyamba kumene ntchito pa chipatala china chaching'ono. Ndinayeza mwana, 36.9, mzere unali wautali kunja, ndinangotsala pang'ono kuwauza agogo ake kuti akamupatse madzi ambiri azipita. Gogo uja sanakangane nane, anangokhala pa mpando osadzuka, nkunena motsitsa kuti mwanangu, uyu kuyambira dzulo sanandivutitse. Ndinaseka, ndimayesa akumuyamikira. Mnzanga wamkulu pa ntchito amene ankadutsa ndi amene anaima nkufunsa ngati anamumwetsa kanthu panjira, nde zinapezeka kuti anamwa panado asananyamuke. Titabaya chala mizere iwiri inatuluka, kusonyeza malungo. Kuyambira tsiku limenelo funso la mwamumwetsa chani ndimafunsa ndisanayatse nkomwe themomita, ndipo gogo akandiuza kuti mwana wasiya kuvuta ndimakhala tsonga.

Tibwerere ku mudzi kwanu kuja. Cha mma 10 usiku panado watha mphamvu, kamwana kayamba kunjenjemera mano akugundana. Apa mpamene agogo alakwe, ndipo muwalole alakwe. Agwira mapazi, ngozizira ngati mwala wa kudambo, nde atenga bulangeti lawo, awonjezera zitenje ziwiri, asendeza mbaula pafupi. Akuchita zimenezi ndi chikondi komanso chifukwa dzanja lawauza kuti mwana wazizidwa. Mtsikana ayatsa tochi ya foni, ayeza, 39.2. Nambala imeneyi ndi yoona ndipo kufundika mwana wa 39 ndi mabulangeti pafupi ndi moto kumangotsekera kutentha mkati, osanenanso za utsi wa makala mnyumba yotseka umene pawokha umapha. Chofunika ndi kumusiya ndi kansalu kopepuka, kumupatsa zakumwa pafupipafupi, panado wina ngati padutsa maola asanu ndi limodzi, osamuthira madzi ozizira. Ndiye mtsikanayo akulondola, koma taganizani kuti mwana wa zaka 16 achotse bulangeti limene agogo ake afunditsa ndi manja awo. Pamenepo mpamene pali nkhani, osati pa nambala.

Ndipo samalani ndi mmene awiriwa akuyankhulirana. Mdzukulu woleredwa bwino sanganene kuti agogo mukunama, kapena agogo simukudziwa. Amabisala kuseri kwa kachipangizo, amati agogo, komatu aka kakuti thupi latentha kwambiri, kapena amabisala kuseri kwa amayi ake, amati amayi ananena pa foni kuti ikadutsa 38 tisamamufunditse. Agogo nawonso samenyana ndi mdzukulu mwachindunji, amanyoza chinthucho. Amati kachitsulo kakoko kanabereka ana angati. Kapena samayankha nkomwe, amangokonza bulangeti lija bwinobwino mmbali ngati sanamve. Ndipo dzina loti themomita mkamwa mwa agogo lisatuluke, kwa iwo ndi kanthu kakoko, kawotchi kako, kacholembera. Kumbukiraninso kuti kanthuko kanachokera kwa mwana wawo amene ali ku Joni, amene anasiya ana ake mmanja mwawo. Kwa agogo kakhoza kumveka ngati uthenga woti sindikukhulupirirani mokwanira, kwa mtsikana ndi chinthu chokhacho mnyumbamo chimene amayi ake anamupatsa iyeyo kuti ndiwe wamkulu uziyang'anira. Zimenezi musazifotokoze, ingoonetsani mmene amakapukutira nkukabwezera mu kabokosi.

Palinso liwu loti malungo lenilenilo. Agogo akati mwanayu ali ndi malungo, nthawi zambiri akutanthauza kutentha thupi ndi kuphwanya mthupi kwa mtundu uliwonse, pomwe mtsikana amene waphunzira bayoloje akamva malungo akuganiza za tizilombo tobwera ndi udzudzu. Akhoza kukangana theka la tsamba akugwiritsa ntchito liwu limodzi pa zinthu ziwiri. Nkhani yolembedwa mu Chichewa yokha ndi imene ingasewere ndi zimenezi, musataye mwayiwo.

Tsopano malo amene mwakakamira aja. Ine sindikanaika pachimake pa nkhani pamene akukangana, ndikanaika pamene agwirizana. Mbandakucha cha mma 4 thukuta latuluka, mphasa yanyowa, kamwana kagona tulo tabwino. Agogo agwira pachipumi, pozizira bwino, nkunena kuti malungo atuluka ndi thukuta. Mtsikana ayeza, 36.7. Koyamba usiku wonse dzanja ndi kachipangizo zanena chimodzi, awiriwo ayang'anana nkumwetulira, agogo mwina mpaka afunsa kuti kakuti bwanji kanthu kako. Owerenga apuma. Koma aliyense wa chipatala amene akuwerenga mtima ukhala mmwamba chifukwa akudziwa kuti tizilombo tikadali mmagazi tikuswana, kutsika kwa kutentha si kuchira, ndipo mwana wa zaka zitatu malungo akhoza kumufikitsa pokomoka kapena kumuthera magazi mkati mwa tsiku limodzi kapena awiri. Dzanja ndi themomita zonse zimangonena kuti watentha kapena sanatenthe. Palibe chimene chimanena chifukwa chake. Malungo, chibayo, matenda a mkhutu, a mmikodzo, oumitsa khosi, onsewa pa themomita amaoneka chimodzimodzi. Malangizo amati mwana wotentha thupi akayezedwe pasanathe maola 24, ndipo kunja kukuwala bwino, kumunda kukudikira, sukulu ikudikira, kabaza akufuna ndalama, onse awiri ali ndi umboni woti mwana ali bwino. Chiwapititse ku chipatala nchiyani?

Yankho likhale chinthu chimene aliyense yekha ali nacho. Agogo ali ndi maso amene amadziwa mwanayu ali bwino amakhala bwanji. Aona kuti phala kangolawa kamodzi nkutembenuka, atambasula kadzanja kake nkuona kuti chikhatho chayera poyerekeza ndi cha mkulu wake, akokera chikope pansi mkati mwake mosafiira. Ife timachita zomwezo ndendende poona kuchepa kwa magazi. Mtsikana ali ndi kope lake la masamu limene kumapeto kwake analemba 5 koloko 37.1, 10 koloko 39.2, 4 koloko 36.7, ndipo akaziyang'ana pamodzi aona yekha kuti dzulo nambala yabwino inabwera kaye kenako moto, nde nambala yabwino ya leroyi ikutsimikiza chani. Kameneko ndi kamene themomita imaposera dzanja, imasiya chinthu choti nkulemba, nkufananiza, nkutumiza pa foni kwa mayi amene ali kutali, nkupatsa nesi. Dzanja la agogo silingapatsire munthu wina zimene lamva. Nkhani ya panado wa mu chitenje ikhoza kutulukira pamenepa, mwina agogo angoitchula mongodutsa akumanga mwana kumbuyo, mtsikana nkukhala chete.

Ngati mukufuna kuopseza owerenga pang'ono, dziwani zizindikiro zimene zimasintha nkhani kuchoka pa tipite kukacha kufika pa tinyamuke pompano olo pakati pa usiku. Mwana akukanika kumwa kapena kuyamwa, akusanza chilichonse chimene walowetsa, wakomoka kapena kugwedezeka thupi maso atatembenuka, wafooka moti ukamudzutsa sakudzuka bwino, khosi lauma, kapena akupuma mothamanga nthiti zikulowa mkati. Pa msinkhu wa kamwana kanuko kupuma ka 40 kapena kuposa pa mphindi imodzi ali phee ndi kothamanga, ndipo apa foni ya mtsikana ndi maso a agogo zikhoza kugwira ntchito limodzi, wina akuyang'ana nthawi wina akuwerenga pamimba. Chikangooneka chimodzi mwa izi nambala ya themomita ilibenso ntchito, 36.5 kapena 40 ulendo ndi womwewo. Koma musaunjike zonse pa kamwana kamodzi, chimodzi chikukwana, ndipo ine ndikanasiya osaikamo nkomwe chifukwa mantha a mbandakucha wabata uja ndi okwanira. Mukasintha maganizo nkufuna kuti akhale khanda losakwana miyezi iwiri, nkhani yonse isinthe, khanda lotero likatentha pang'ono pokha kapena kuzizira kutsika pa 35.5 palibe zokambirana mpaka kucha, ndipo panado wa mu chitenje uja asayandikire.

Kumene akupita nakonso mulembe zoona. Midzi yambiri yotalikira chipatala ili ndi kakiliniki ka mmudzi kamene amayendetsa alangizi a zaumoyo, amaona ana a miyezi iwiri mpaka osakwana zaka zisanu, ndiye si nthawi zonse pamene pafunika ambulansi ndi madokotala ovala zoyera. Pafunika kabuku ka kuchipatala ka mwanayo, kamene agogo amasunga mu jumbo pansi pa matiresi kapena mu Baibulo. Mlangizi afunsa kuti layamba liti, wamwa chani, akudya, wasanza, kenako apukuta chala, abaya, kadontho ka magazi pa kapulasitiki koyera, timadontho ta mankhwala, nkudikira mphindi 15 mpaka 20. Mzere umodzi palibe malungo, iwiri alipo. Mphindi zodikira zimenezo ndi mphatso kwa wolemba, anthu awiri amene akangana usiku wonse akhala pa benchi limodzi akuyang'ana kachipangizo kachitatu kamene onse sakukadziwa. Akapezeka nawo alandira LA, amene boma linayamba kugwiritsa ntchito mu 2007 mmalo mwa fansida, choncho agogo akhoza kufunsa za fansida wa kamodzi nkamodzi uja. Mwana wa makilo 12 amamwa piritsi limodzi ulendo uliwonse, maulendo asanu ndi limodzi pa masiku atatu, loyamba pompo, lachiwiri pakadutsa maola asanu ndi atatu, kenako mmawa ndi madzulo, ndipo amagwira bwino ntchito akamwera chakudya cha mafuta pang'ono monga phala la nsinjiro kapena mkaka. Tsiku lachiwiri mwana akadzuka nkuyamba kuthamanga, chiyeso chosunga mapiritsi otsala kuti adzathandize ulendo wina chimakhala chachikulu, ndipo pamenepo dzanja ndi themomita zidzagwirizananso kuti wachira.

Mukhozanso kusankha kuti mzere utuluke umodzi. Zimachitika kwambiri, ana ambiri otentha thupi alibe malungo, ndi chimfine kapena tizilombo tina timene timatha tokha, nde agogo amene amayembekezera LA abwerera ndi panado yekha akung'ung'udza kuti achipatala a masiku ano amaumira mankhwala. Mathero amenewo ngoseketsa komanso ngoona, kungoti mlangizi awauze kuti kutentha kukapitirira masiku awiri atatu kapena mwana akasintha abwerenso.

Chimene ndikupemphani ndi chimodzi, musatseke ndi mwambi. Ndikudziwa kuti mawu a akulu akoma akagonera akukuyitanani kuchokera patali, ndawerenga nkhani za ana a sukulu zambirimbiri zothera pamenepo, ndipo zina zimathera ku mbali inayo agogo akupepesa kuti sayansi ndi yabwino, zimene gogo weniweni sanganene olo mutamulipira. Gogo amene wavomera sanena ndi pakamwa. Usiku wotsatira mtsikana ali mtulo, iwo adzuka kukagwira mwana mkhosi ngati kale, kenako aima kaye, afufuza kabokosi kaja mumdima, akanika kupeza batani, nkumugwedeza mdzukulu phewa kuti tadzuka umuike kanthu kako tione. Kapena mutembenuze, mtsikana watulutsa themomita, asanaiyatse nkupezeka kuti dzanja lake lapita kale mkhosi mwa mng'ono wake, kuseri kwake osati chikhatho, iye osazindikira kuti waphunzira liti. Sankhani chimodzi, zonse ziwiri zichuluka shuga. Mukamaliza munditumizire ndione ngati mwana wanuyo mwamupukuta mkhwapa musanamuyeze.